Malikisi a basale ayenera kubwera ndi zifukwa zake

Mndandanda wa ophunzira omwe apeza basale ukamatidwa pachitseko cha ofesi ya sukulu, kaya pa bolodi la kukhonsolo, anthu amayamba kuyang'ana dzina la mwana wawo, ndipo dzinalo likasowa amabwerera kunyumba akunena kuti sunali mwayi wake. Makolo ambiri a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka amaona kusankhaku ngati maere, kapena ngati nkhani ya kudziwana ndi akuluakulu, motero safunsa kanthu. Koma komiti yomwe yalengeza miyeso yosankhira, n'kulandira mafomu ndi zimangirizo za ophunzira, yadzimanga yokha ndi lonjezo. Iyenera kupereka malikisi motsata miyeso yomwe inalengezayo, popanda kuwonjezapo ina yam'thumba, ndipo iyenera kutha kunena polemba chifukwa chomwe fomu yakuti yapezera 27 m'malo mwa 32. Pamene ndalama zake ndi za boma, udindo umenewu ndi wa lamulo. Ine ndikuona kuti nambala yopanda chifukwa cholembedwa pambali pake sitingaitche chigamulo, chifukwa palibe yemwe angaiyese ngati ili yolondola, ngakhale mwini wake yemwe anailemba.

Maziko a nkhaniyi ali m'gawo 43 la Malamulo Aakulu a dziko lino, omwe anakhazikitsidwa mu 1994. Gawoli limapatsa munthu aliyense zinthu ziwiri. Choyamba, chigamulo chilichonse cha ofesi ya boma chomwe chikumukhudza chiyenera kukhala chotsata malamulo, chopangidwa m'njira yachilungamo, komanso chogwirizana ndi zifukwa zomwe zaperekedwa. Chachiwiri, munthuyo ayenera kupatsidwa zifukwazo polemba. Chofunika kuchimvetsa bwino ndi chakuti gawoli silinaime pa ufulu wokha. Limatchulanso chiyembekezo choyenera chomwe munthu ali nacho, komanso zinthu zomwe zikukhudza ubwino wake. Ndi pamenepa pomwe wopempha basale amalowera. N'zoona kuti palibe mwana yemwe anabadwa ndi ufulu woti alandire basale yakutiyakuti. Koma ofesi ikamata chikalata chonena kuti idzayang'ana kusowa kwa pakhomo, kukhoza m'kalasi ndi chimangirizo, mwana aliyense yemwe wadzaza fomu amakhala ndi chiyembekezo choyenera choti ayesedwa ndi zinthu zitatuzo. Kusankhidwa kapena kusiyidwa kungatanthauze kupita ku koleji kapena kukhala pakhomo, ndiye palibe anganene kuti chigamulocho sichikukhudza ubwino wake.

Thandizo la sukulu lomwe limadutsa m'manja mwa boma lili la mitundu ingapo. Pali basale ya kukhonsolo ya Dedza, yomwe maina ake amayambira m'makomiti achitukuko a m'midzi ndi a m'dera la mfumu yaikulu, n'kudutsa kwa aphunzitsi aakulu ndi ofesi yosamalira anthu. Pali thandizo lochokera m'thumba la chitukuko cha dera la phungu, lomwe anthu amangoti CDF. Palinso bungwe la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015 kuti lizipereka ngongole kwa ophunzira osowa a m'makoleji ndi mphatso ya ndalama kwa okhoza kwambiri. Zonsezi ndi ndalama za anthu, zogawidwa ndi maofesi omwe gawo 43 limawamanga. Si onse omwe amapempha chimangirizo, ena amangofuna fomu ndi makalata aumboni, koma mfundo yake ndi imodzimodzi kulikonse komwe munthu akupatsidwa malikisi kuti apambane mnzake.

Kuti tione momwe ntchitoyi imayenera kuyendera, tiyerekeze komiti ina yomwe ikugawa ndalama za boma kwa ophunzira omwe akhoza mayeso a MSCE ndipo apeza malo ku koleji. Nambala zomwe nditchule apa n'zachitsanzo chabe. Komitiyo yalengeza kuti malikisi onse ndi 100: kusowa kwa pakhomo 40, kukhoza mayeso 30, chimangirizo 20, kutumikira mudzi 10. Kulengeza kotereku n'chiyambi chabwino, koma pakokha sikukwanira, chifukwa 40 ndi nambala yaikulu yomwe munthu angabisemo chilichonse. Komiti yodziwa ntchito imaigawanso isanatsegule fomu ngakhale imodzi. Mwa 40 aja, 15 akhale a makolo, kuti yemwe anataya onse awiri apeze 15 ndipo yemwe anataya mmodzi apeze 10. Ena 10 akhale a chiwerengero cha ana omwe akudalira pakhomopo, ndipo 15 otsalawo akhale a chakudya, kuti banja lomwe chimanga chake chimatha mwezi wa Seputembala usanafike lipeze onse 15. Magawo ang'onoang'ono amenewa nawonso ayenera kumatidwa poyera. Akalembedwa mafomu atawerengedwa kale, amatha kusokedwa molingana ndi msinkhu wa mwana yemwe wina akumufuna.

Tsopano titenge fomu ya mtsikana wa m'mudzi wina kufupi ndi Golomoti. Bambo ake anamwalira, mayi ake amalima chimanga pamunda womwe madzi ochokera kumapiri a Dedza amausefukira zaka zina, pakhomo pali ana anayi, ndipo iye anapeza mapointi 18 pa MSCE. Gawo la mayeso silivuta. Mapointi a MSCE amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi omwe munthu wakhoza bwino, ndipo ochepa ndiwo abwino, moti 6 ndiye pamwamba penipeni. Ngati komiti inalengeza kuti mapointi 16 mpaka 20 amapeza malikisi 24, mtsikanayu apeza 24, ndipo chifukwa chake ndi mzere umodzi wolozera pa chikalata cha MANEB. Pa makolo apeza 10, umboni wake ndi kalata ya mfumu yotsimikiza za imfa ya bambo. Pa ana apeza 7, poti 10 onse anasungidwira mabanja a ana asanu kapena kuposa. Munthu wina aliyense atatenga fomu yomweyo ndi miyeso yomweyo angapeze nambala zomwezi, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro choti muyeso unalembedwa bwino.

Vuto likubwera pa chakudya. Mtsikanayu analemba kuti chimanga chawo chimatha mu Ogasiti, ndipo komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwawo inasainira kuti n'zoona. Malinga ndi muyeso, ayenera kupeza 15. Koma yemwe anapita kukaona pakhomopo anapeza nyumba ya malata, n'kuganiza mumtima mwake kuti banja la malata silingakhale losowa kwenikweni, ndipo analemba 10. Mwina munthuyu sanadye kanthu kwa wina aliyense, ndipo akukhulupirira kuti wachita mwanzeru. Komabe walakwitsa, chifukwa denga la nyumba silinali pa miyeso yolengezedwa. Malatawo akhoza kukhala omwe malemu bambo anasiya, kapena omwe mpingo unapereka nyumba yoyamba itagwa ndi madzi, ndipo mtsikanayo sanapatsidwe mpata wofotokoza poti sanadziwe kuti adzafunsidwa za denga. Komiti ikafuna kuti malata aziwerengedwa, ili ndi mphamvu yotero, koma ilengeze chaka chamawa mafomu asanatuluke. Onani tsono kusiyana kwake. Pakanangolembedwa 27 pa 40, cholakwikachi chikanakwiririka mpaka kalekale. Poti pambali pa 10 uja panalembedwa kuti nyumba ndi ya malata, wina aliyense wowerenga akhoza kuona kuti chifukwacho sichikugwirizana ndi muyeso.

Chimangirizo ndicho chimavuta kwambiri, ndipo ndi pomwe anthu amanena kuti kulemba bwino kumadalira diso la wowerenga, kotero sikungayesedwe. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake. Aphunzitsi awiri achilungamo angawerenge tsamba limodzi, wina n'kukhudzidwa mtima, wina ayi. Koma zimenezi zikungotiuza kuti chimangirizo chikufunika mipanda yolimba kuposa magawo ena onse. Tinene kuti funso linali loti wophunzira afotokoze vuto limodzi la m'dera lake ndi momwe maphunziro omwe akufuna angathandizire. Malikisi 20 agawidwe motere: 8 pa kuyankha funso lomwe lafunsidwa, 8 pa umboni wa zomwe mwini wake waona kapena wachita, 4 pa kulongosoka kwa chilankhulo. Mtsikana wathu analemba za amayi oyembekezera omwe amavutika kufika ku chipatala cha Mua mitsinje ikadzaza, ndipo akufuna kuphunzira unamwino ndi uzamba. Chifukwa cholembedwa bwino pa gawo loyamba chingati: wapeza 7 pa 8, watchula vuto limodzi lomveka ndipo walilumikiza ndi uzamba, koma sananene komwe akufuna kudzagwira ntchito akamaliza. Pa gawo lachiwiri chingati: wapeza 4 pa 8, ndime yachitatu ikunena kuti amathandiza pa sikelo ya ana koma sikunena zomwe amachita kapena kuti anayamba liti, ndipo ndime zina zikunena za dziko lonse osati za dera lake. Pa chilankhulo: 2 pa 4, ziganizo zambiri zasokoneza nthawi ya aneni koma tanthauzo likumveka. Zonse pamodzi ndi 13.

Chifukwa chilichonse mwa zitatuzi chikuloza malo enieni patsamba, ndipo mtsikanayo angatsegule chimangirizo chake n'kuvomereza kapena kutsutsa. Yerekezani ndi mawu omwe amakonda kulembedwa, monga akuti "chimangirizo chofooka" kapena "sanatikhutiritse". Mawu otere angalembedwe pa fomu iliyonse osaiwerenga n'komwe, ndipo sakukwaniritsa zomwe gawo 43 likufuna, poti chigamulo sichingayesedwe ndi chifukwa chomwe sichikunena kanthu. Pali cholakwika china chomwe chimavulaza kwambiri ana a m'sukulu zoyendera zam'midzi, chomwe ndi kulanga Chingerezi kawiri kapena katatu. Wowerenga akakhumudwa ndi chiganizo choyamba chothyoka, amatsitsa malikisi a kuyankha funso ndi a umboni omwe, pomwe chilankhulo chinapatsidwa 4 okha. Mungazindikire zimenezi mukaona kuti zifukwa za magawo onse atatu zikunena za galamala. Kuno ku Mua nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa kuli sukulu ya ana osamva. Mwana yemwe chilankhulo chake choyamba ndi cha manja amalemba Chingerezi motsata kayendedwe ka chilankhulo chimenecho, ndipo ziganizo zake zingaoneke zothyoka pomwe maganizo ake ndi akuthwa. Gawo 20 la Malamulo Aakulu limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali komanso chilankhulo, ndipo komiti yomwe yalola galamala kumeza malikisi onse 20 yamusala mwanayo ngakhale sinafune kutero.

Njira zotetezera chimangirizo ku kukondera n'zodziwika ndipo sizifuna ndalama. Dzina la wopempha, mudzi wake ndi sukulu yake zibisidwe, patsamba pangokhala nambala. Anthu awiri awerenge payekhapayekha, aliyense alembe malikisi ndi zifukwa zake asanaone za mnzake. Akasiyana kwambiri, mwachitsanzo wina 14 wina 8, asangogawa pakati n'kulemba 11, chifukwa kusiyana kotere kukusonyeza kuti mmodzi mwa iwo sanamvetse muyeso kapena waona chomwe mnzake sanaone, ndipo pafunika wachitatu. Asanayambe ntchito yonse, owerenga onse ayese limodzi zimangirizo zochepa kuti agwirizane kuti 4 pa 8 amaoneka bwanji. M'dera ngati la Inkosi Kachindamoto, komwe anthu ambiri ndi pachibale kapena amapemphera mpingo umodzi, membala yemwe wazindikira kuti fomu ndi ya mwana wa mlongo wake anene poyera, atuluke, ndipo kutulukako kulembedwe m'kaundula wa msonkhano.

Tibwerere ku masamu a mtsikana uja. Kusowa 27, mayeso 24, chimangirizo 13, ndipo pa kutumikira mudzi anapeza 6 pa 10 poti kalata yaumboni inalipo koma sinatchule nthawi yomwe wakhala akutumikira. Zonse ndi 70, ndipo womaliza kusankhidwa anapeza 73. Malikisi 5 a chakudya aja akabwezedwa, iye afika pa 75 n'kulowa pa mndandanda. Pa chimangirizo palibe chomwe angadandaule, 13 anali wake ndithu, ndipo zifukwazo zamuphunzitsa kuti ulendo wina adzalembe zomwe amachita pa sikelo ya ana m'malo molemba za mavuto a dziko lonse. Zifukwa zolembedwa zimateteza komiti momwemonso. Kholo lomwe likanafalitsa m'mudzi kuti aphunzitsi adya ndalama, likaona kuti mwana wake anapeza mapointi 30 ndipo malikisi ake a mayeso anatsika chifukwa cha zimenezo, limasowa ponenera.

A m'makomiti amadandaula kuti mafomu amabwera mazanamazana, iwo ndi ochepa, ndipo ambiri salipidwa. Dandaulo limeneli n'lenileni. Koma chifukwa chomwe tikunena pano ndi mzere umodzi kapena iwiri pa muyeso uliwonse, ndipo pa magawo ngati mayeso ndi makolo ndi kungochonga bokosi lomwe linakonzedwa kale. Munthu yemwe wawerengadi chimangirizo n'kusankha kulemba 4 m'malo mwa 6 ali nacho kale chifukwa m'mutu mwake, chotsala ndi kuchitsitsira papepala. Ngati akulephera kuchilemba, ndiye kuti nambalayo anangoilota. Alimi a mpunga a ku sikimu ya Bwanje salola wogula kuyeza thumba sikelo itatembenukira kwa iye yekha, ngakhale mzere utalike bwanji, ndipo tsogolo la mwana silingachepe kuposa thumba la mpunga. Ena amati kuulula miyeso mwatsatanetsatane kumaphunzitsa anthu kunama, kuti aliyense azilemba kuti chimanga chimatha mu Ogasiti. Yankho lake ndi kutsimikiza umboni, kupita pakhomo, kufunsa mfumu ndi komiti ya m'mudzi. Kubisa miyeso sikuletsa bodza. Kumangochititsa kuti odziwana ndi a m'komiti okha ndiwo adziwe choyenera kulemba, pomwe mwana wa kutali ndi msewu wa M5 akulemba mumdima.

Pali malire omwe tiyenera kuwavomereza. Wopempha ali ndi ufulu woona malikisi ake ndi zifukwa zake, komanso kudziwa malikisi omwe womaliza kusankhidwa anapeza, koma alibe ufulu wowerenga fomu ya mnzake. M'mafomu amenewa mumalembedwa za matenda, za imfa ndi za umphawi wa mabanja, ndipo gawo 21 la Malamulo Aakulu limateteza chinsinsi cha munthu. Malire ena ndi a eni ndalama. Mpingo, kampani kapena munthu wakufuna kwabwino yemwe akupereka za m'thumba mwake samangidwa ndi gawo 43 molimba ngati ofesi ya boma, ndipo maboma akunja amayendera malamulo akwawo. Thandizo la Chevening la boma la Britain limalengeza poyera zomwe limayang'ana m'zimangirizo, monga utsogoleri ndi dongosolo la ntchito yam'tsogolo, koma silipereka zifukwa kwa wopempha aliyense payekha, ndipo khoti la ku Malawi silingalikakamize kutero. Komabe bungwe lomwe si la boma likasankha ana kudzera mwa aphunzitsi aakulu a sukulu za boma kapena ofesi ya khonsolo, ogwira ntchito m'bomawo savula udindo wawo pakhomo la msonkhano, ndipo mbali yomwe agamula iwo akhoza kufunsidwa.

Wopempha naye ali ndi udindo womwe sangauthawe. Zomwe walemba pa fomu zikhale zoona, chifukwa yemwe wadzisandutsa wamasiye makolo ali moyo walanda malo a wamasiye weniweni, ndipo kupeza ndalama mwa bodza ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Chimangirizo chikhale chake. Mphunzitsi angamuwerengere n'kumuuza kuti ndime iyi sikumveka, koma akamulembera, malikisi 20 aja akuyesa mphunzitsiyo. Komiti yomwe yakayikira izi isangodula malikisi mwakachetechete. Imuitane mwanayo, imufunse za zomwe analemba, ndipo ilembe zomwe yapeza, poti kumva mbali ya munthu asanaweruzidwe ndi gawo la njira yachilungamo yomwe lamulo likunena. Asanapereke fomu, wophunzira aijambule yonse ndi foni pamodzi ndi chikalata cholengeza miyeso, ndipo apemphe kuti wolandira asaine tsiku lomwe walandira. Popanda chikalata cha miyesocho, dandaulo lililonse limasanduka mawu a uyu ndi mawu a uyo.

Yemwe wasiyidwa alembe kalata yaifupi kwa wapampando wa komiti kapena kwa bwanamkubwa wa boma la Dedza, yotchula dzina la thandizolo, tsiku lomwe anapereka fomu, ndi pempho loti, motsata gawo 43, apatsidwe malikisi ake pa muyeso uliwonse, chifukwa cha malikisi aliwonse, ndi malikisi a womaliza kusankhidwa. Asunge kope losainidwa. Angadalirenso gawo 37 ndi lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani zosungidwa ndi maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020 ndipo limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe. Ikakana kapena ikangokhala chete, bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC ndilo limayang'anira lamuloli. Zifukwa zikabwera, aziike pambali pa miyeso yolengezedwa n'kuyang'ana zinthu zitatu: ngati masamu aphatikizidwa bwino, ngati pali muyeso womwe sunalengezedwe, ndi ngati pali umboni womwe anapereka koma sunawerengedwe. Dandaulo lake liloze chimodzi mwa zimenezi, chifukwa kungonena kuti "ndimayenera ine" sikusuntha kanthu. Komiti ikakana kukonza, ofesi ya Ombudsman, yomwe inakhazikitsidwa ndi Malamulo Aakulu omwewo, imafufuza madandaulo otere kwaulere. Bwalo Lalikulu la milandu lingathenso kuunika chigamulocho, koma pempho liyenera kufika kumeneko pasanathe miyezi itatu chigamulo chiperekedwere, ndipo khoti silidzawerenga chimangirizo kuti lipereke malikisi ake, lidzangoona ngati komiti inatsata miyeso yake ndi njira yachilungamo, n'kuilamula kuti iyesenso fomuyo ngati inaphonya.